Kabokosi ka "Verify you are human" kakungondizunguza, fomu akutseka Lachisanu

Nachisale: Abale anga pagulu pano, ndithandizeni ndisanaponye laputopu pawindo. Ndikulemba fomu ya sikolashipu ya yunivesite ina yakunja ndipo akutseka Lachisanu usiku. Kuyambira dzulo masana tsamba lawo silikundilola kulowa. Likubwera ndi kabokosi kolembedwa "Verify you are human", ndikudina, kakuzungulira pang'ono, kenako tsamba likuphethira n'kundibwezera kabokosi komweko ngati sindinadine kanthu. Ndinawerenga mpaka ka 14, kenako ndinasiya kuwerenga. Ndikugwiritsa ntchito wayifayi ya kuofesi chifukwa bando yanga yatsala pang'ono. Mapepala onse ndinasikana kale, changotsala n'kulowa basi.

Tadala wa ku Chirimba: Achemwali tsegulani Incognito, Ctrl+Shift+N. Ine zimanditheka choncho nthawi zonse

Bambo Mbewe: Mayi, mwina mwaiwala pasiwedi. Ine inandivutapo ya imelo, mwana wanga anandikonzera. Onetsetsani kuti zilembo zazikulu sizinayake.

Nachisale: Zikomo bambo, koma pa pasiwedipo sindikufikapo n'komwe. Akundibweza ndili pageti, nyumba sindinaione.

Mjomba wa ku Joni: Muli ndi VPN inu? Nenani zoona.

Nachisale: Ilipo achimwene, yaulere. Anandiikira mnzanga wa kuntchito chaka chatha, amati imateteza.

Mjomba wa ku Joni: Basi mlandu watha. Ndi imeneyo. Zaulerezi mumadzazana anthu masauzande pakhomo limodzi, ena mwa iwo akuba. Zimitsani muone.

Nachisale: Ndazimitsa. Ndayesanso Incognito ya Tadala. Chimodzimodzi. Kungoti VPN ili yoyaka, tsamba la Google nalo limandipatsa zithunzi zoti ndisankhe mabasi ndi njinga osatha, pano zimenezo zasiya. Koma la sikolashipulo likadali kuzungulira.

aGama a ku Limbe: Achemwali a Nachisale, mawu mwanena omalizawo ndi ofunika kwambiri, musawataye. Mwaona matenda awiri osiyana, ndipo anthu ambiri amawasakaniza chifukwa onse amaoneka ngati kapicha, mlonda uja wofufuza ngati ndinu munthu kapena loboti, ikukana munthu.

Oyamba ndi pamene mlonda sakukukhulupirirani. Mukusankha zithunzi molondola, iye akukupatsaninso zina, zikubwera mochedwa ngati zikutuluka m'chifunga, pamapeto n'kulemba "Please try again". Apo vuto si mayankho anu. Wakayikira kumene mwachokera.

Achiwiri ndi pamene mlonda wakulolani, wakupatsani kachiphaso, koma pofika pachitseko kachiphasoko mulibe, kapena mwabwera nako koma nkhope yanu yasintha. Ndiye akukubwezani pageti, mukuyambiranso. Zimene mukufotokozazi, kudina, kuzungulira, tsamba kuphethira n'kubwerera, zikumveka ngati achiwiriwa.

Ndiuzeni kaye, pakabokosipo kapena m'munsi mwa tsambalo palembedwa Cloudflare? Pali mawu oti Ray ID?

Nachisale: Eya, pali kamtambo kachikasu ndi Cloudflare. Ray ID iliponso m'munsi, manambala osakanikirana ndi zilembo.

aGama a ku Limbe: Chabwino. Imodzi mwa ma Ray ID amenewo muijambule musunge, tingadzaifune. Mukapambana pageti ya mtundu umenewo, bulawuza yanu imalandira kuki yotchedwa `cf_clearance`. Ndiye kachiphaso ndikunenaka. Ulendo wotsatira bulawuza imakaonetsa, ndipo ngati eni tsamba sanasinthe nthawi yake, kamagwira ntchito mphindi 30 musanafunsidwenso. Tiyeni tifufuze kumene kakutayikira. Choyamba, wotchi ya laputopuyo ikulondola? Tsiku, mwezi, chaka, zonse.

Nachisale: Ikulondola. Yafanana ndi ya pafoni.

Mjomba wa ku Joni: A Gama mukuzitalikitsa. VPN ija mwina sinazimiretu. Achemwali gulani yolipira, ine yanga sindivutika nayo.

aGama a ku Limbe: Achimwene, theka la zimene mwanena ndi loona. Zithunzi zosatha za pa Google zija inali VPN, umboni wake ndi woti zasiya atangoizimitsa. Koma zoti agule yolipira ndiye ayi, makamaka sabata ino. Yolipira nayonso imatulukira m'nyumba zosungiramo maseva, ndipo maadiresi a IP a malo amenewo amadziwika kuti si a pakhomo pa munthu. Maloboti ambiri amene amakolola zinthu pamasamba kapena kuyesa mapasiwedi a anthu amachokera kumalo ngati komweko. Inu mukamadutsira kumeneko mwavala yunifolomu yawo. Kusiyana kwake n'koti yolipira siidzaza kwambiri ndipo ena amasamala maadiresi awo, ndiye zimachepa, koma sizitheratu. Ngati inu simuvutika, mwina seva imene mumasankha ili ndi mbiri yabwino lero. Mawa wina akaiipitsa mudzabwera pano pomwe.

Bambo Mbewe: Ine chimandiseketsa n'choti amakufunsa ngati si iwe loboti, kenako n'kukuuza kuti usankhe zithunzi za maloboti a pamsewu. Ndiye loboti singawadziwe bwanji abale ake?

Tadala wa ku Chirimba: kkkkk bambo mwandimaliza

Bambo Mbewe: Komanso funso lenileni. Kamtengo kamene kanyamula lobotiyo timakasankha kapena ayi? Ine ndimaganiza kuti ndimalephera chifukwa cha kamtengoko.

aGama a ku Limbe: Bambo, kamtengoko kasakusowetseni tulo. Zithunzizo ndi gawo chabe la mayeso. Kapicha yamasiku ano imakhala itakuyezani kale musanadine chilichonse: adiresi imene mwachokera, mtundu wa bulawuza, makuki amene muli nawo, mmene tsamba likuyendera pa makina anu. Ya Google ija, reCAPTCHA, ilinso ndi mtundu wina umene suonetsa zithunzi n'komwe, umangopereka malikisi kuyambira 0.0 mpaka 1.0, eni tsamba n'kusankha okha kuti wopeza pansi pa angati abwezedwe. Munthu amene akhulupiriridwa amadutsa ngakhale ataphonya kangodya ka chithunzi. Amene akayikiridwa amasankha bwinobwino koma n'kupatsidwa zina. Ndiye mukaona mwachita katatu kanayi zosatheka, lekani. Kupitiriza kuli ngati kugogoda kwambiri pakhomo pamene akukuyesani wakuba.

Nachisale: Ndiye ka 14 kanga kaja ndimadzikumbira dzenje ndekha.

aGama a ku Limbe: Sikanathandize, koma tiyeni tipitirire. Lembani izi pamene mumalemba adiresi ya tsamba:

```
chrome://extensions
```

Mundiuze zimene zilipo. Kenako mu Settings, pa Privacy and security, muone ngati simunaletse masamba kusunga makuki kapena kuyendetsa JavaScript.

Nachisale: Pali ziwiri. Ina yotseka zotsatsa malonda, ina ndi VPN ija. Makuki ndi JavaScript n'zololedwa, sindinagwirepo kumeneko.

aGama a ku Limbe: Ndiye VPN yanu ndi ya m'bulawuza. Zimitsani zonse ziwiri, mutseke Chrome yense, mutsegulenso. Yotseka malondayo nthawi zina imatsekera limodzi `challenges.cloudflare.com`, kumene kabokosiko kamachokera. Koma kunena zoona sindikuyembekezera zambiri apa, chifukwa mu Incognito zoonjezerazi zimakhala zozima kale pokhapokha munthu atazilola yekha, ndipo mwati kumenekonso zinakana. Ndi ntchito yeniyeni ya Incognito imeneyo pa nkhani ngati iyi, Tadala. Siisintha adiresi yako, siikubisa kwa aliyense kunjako. Imangotithandiza kudziwa ngati wolakwa ndi makuki akale kapena zoonjezera.

Tadala wa ku Chirimba: Ine ndimayesa imabisa IP

Mjomba wa ku Joni: Siibisa mwana iwe. Imangobisira akazi ako zimene umaona.

Tadala wa ku Chirimba: Ndilibe akazi malume

Mayi a Chisomo, Leeds: Pepani ndilowererepo ndi yanga, mwina ndi yofanana. Ine ndili pa Firefox, mwana wanga anaikonza kuti isamanditsatire anthu a malonda. Chiyambire pamenepo tsamba limene ndimaonerapo mashifiti a kuntchito limandizunguza chonchi. Pafoni limatseguka bwinobwino, wayifayi yake yomweyo ya m'nyumba. VPN ndilibe.

aGama a ku Limbe: Mayi, yanuyo ikuoneka kuti ndi ina. Wayifayi imodzi, foni ikudutsa, kompyuta ikukanidwa, ndiye netiweki tiichotsepo. Mufunseni mwanayo ngati analowa mu `about:config` n'kuyatsa `privacy.resistFingerprinting`. Chimenecho chimapangitsa bulawuza kunena zabodza dala kuti musazindikirike: nthawi imanena ya UTC, zimene yajambula mkati imazisokoneza, ndi zina. Cholinga n'chabwino, koma loboti yodzibisa imachitanso zomwezo, ndiye mlonda amavutika kukusiyanitsani. Choipa kwambiri ndi zoonjezera zija zimene zimasintha User-Agent, bulawuza n'kumadzitcha dzina la ina. Imanena kuti ndine Chrome koma mayendedwe ake ndi a Firefox. A Cloudflare eni ake amanena kuti zoonjezera zotere sizigwirizana ndi mayeso awo.

Mayi a Chisomo, Leeds: Ndimufunsa akaweruka. Koma zikundiwawa. Ndiye kuti munthu ukafuna kusunga chinsinsi chako uzilangidwa? Ine sindinabe kanthu, ndikungofuna kuona ngati ndili ya usiku Lamlungu.

aGama a ku Limbe: Pamenepo sindikutsutsani. Amene amavutika kwambiri ndi amene akudziteteza, ndi amene netiweki yawo ndi yogawana. Chimene ndimachita ine n'kukhala ndi mabulawuza awiri, ina yomangidwa zolimba yoyendera paliponse, ina yosagwiridwa kanthu ya kubanki, mafomu ndi za ntchito. Si chilungamo, koma shifiti mumaiona.

Nachisale: A Gama ndazimitsa zonse, ndatseka, ndatsegulanso. Ndayesanso pa Edge imene sindinaigwiritsepo ntchito chigulireni laputopuyi. Kabokosi kali pompo, kakundiyang'ana.

aGama a ku Limbe: Ndiye bulawuza yapulumuka pamlandu. Yatsala netiweki. Tione adiresi imene dziko lakunja likukuonerani. Tsegulani Command Prompt mulembe izi, kenako Enter:

```
curl -s https://www.cloudflare.com/cdn-cgi/trace | findstr ip=
```

Itulutsa mzere umodzi woyamba ndi `ip=`. Dinani batani la muvi woloza m'mwamba kuti lamulolo libwererenso, Enter, muchite choncho ka 8 kapena ka 10. Adiresi yonse musaiike pagulu pano, mungondiuza ngati ikutuluka imodzimodzi nthawi zonse.

Tadala wa ku Chirimba: Bwanji osangotsegula linkiyo mu Chrome n'kumadina F5, si zophweka?

aGama a ku Limbe: Zimatheka, koma bulawuza imakonda kusunga njira imene yatsegula kale n'kumadutsa momwemo, ndiye ukhoza kuona adiresi imodzi pamene zenizeni zikusinthasintha. Lamulo lija limatsegula njira yatsopano ulendo uliwonse.

Nachisale: Eee a Gama. Zikutuluka ziwiri. Ina ikuthera 14, ina ikuthera 201, ndipo manambala oyambirira ndi osiyaniranatu. Mwa ka 10, yoyambayo yatuluka ka 6, inayo ka 4. Zikusinthana popanda ndondomeko.

aGama a ku Limbe: Tamugwira. Kuofesi kwanuko intaneti imalowa kuchokera kumakampani awiri?

Nachisale: Ndafunsa mnyamata wa pa risepishoni. Akuti mwezi watha anaonjezera ina chifukwa yakale imadukaduka, zonse zinalumikizidwa pa rauta imodzi ili m'chipinda cha akauntanti. Pali zingwe ziwiri zolowa kumbuyo kwake.

aGama a ku Limbe: Ndi zimenezo. Rautayo anaiika kuti izigawa katundu pa mizere iwiriyo, ulendo uno uku, ulendo winawo uko. Poonera mavidiyo kapena kutsitsa mafayilo palibe amene amadandaula. Koma taonani zimene zikuchitika kwa inu. Mukugogoda patsamba la yunivesite mutatulukira pa 14, mlonda akupereka mayeso kwa munthu wa pa 14. Mukudina kabokosi, yankho lanu likutulukira pa 201. Kwa iye, amene wafunsidwa ndi wina, amene wayankha ndi wina. Ndipo maloboti amachitadi zimenezo, wina amapambana mayeso n'kugawira anzake chiphaso, ndiye yankho lochokera pa adiresi ina salilandira. Akupatsani mayeso atsopano, rauta ikusinthaninso, mpaka Lachisanu.

Chondisangalatsa pa nkhani yanuyi n'chakuti VPN ija imabisa vuto limeneli. Ili yoyaka, tsamba limaona adiresi imodzi yokha, ya VPN, kungoti inali adiresi ya mbiri yoipa. Mutaizimitsa mbiri yoipa inachoka, kusinthasintha n'kuonekera. Ndiye mumakanidwa uku ndi uku pa zifukwa ziwiri zosiyana, inu n'kumaona ngati palibe chasintha.

Mjomba wa ku Joni: Ndiye mwavomera nokha a Gama. VPN yabwino ikanamupatsa adiresi imodzi yosasintha, akanadutsa. Ndimanena zomwezo ine.

aGama a ku Limbe: Pa ofesi imeneyi yokha, mwina inde, ngati adiresi yake ili yoyera ndipo eni tsamba sanatseke ma VPN. Koma simumadziwa za rautayo pamene mumanena, musadzitame kkk. Ndipo kulipira mwezi ndi mwezi chifukwa cha chinthu chimene chingakonzedwe ndi kuchonga kabokosi kamodzi mu rauta, ine ayi.

Nachisale: Inu kanganani bwino, koma ine nditani pano?

aGama a ku Limbe: Lero lomwe: chokani pa wayifayi ya ofesi, yatsani hotisipoti pafoni yanu, mulumikize laputopu. Muonetsetse kuti wayifayi ya ofesiyo mwaichotsa kuti isadzilumikize yokha pakati pa ntchito, ndipo ngati pali chingwe cha netiweki chizuleni. Bwerezani lamulo lija kangapo, muone kuti adiresi ndi imodzi. Kenako fufutani makuki a tsamba la yunivesite lokhalo, podina kachizindikiro ka kumanzere kwa adiresi ya tsamba, musafufute onse mungatuluke mu imelo yanu pachabe. Mukatero yesani kamodzi.

Za mtsogolo: amene anaika rautayo auzidwe kuti kompyuta iliyonse izikakamira mzere umodzi, kapena mzere wachiwiriwo uzingodikira kuti woyamba ukaduka ulowe m'malo. Mayina ake amasiyana malinga ndi rauta, ena amalemba sticky kapena persistent, kwinako failover. Ndikukhulupirira kuti akauntanti wanu nayenso akumatulutsidwa patsamba la banki osadziwa chifukwa chake.

Nachisale: Kkkk amangotukwana banki sabata yonse yathayi. Dikirani ndigule bando kaye.

Chikondi M.: Ndafika mochedwa koma ndili ndi funso. Ine ndilibe VPN, ndilibe rauta, ndi foni basi ndi data. Koma Google imandilembera zoti "Our systems have detected unusual traffic from your computer network", makamaka madzulo. Foni yanga ili ndi vayirasi?

aGama a ku Limbe: Kawirikawiri ayi. Maadiresi a mtundu wakale, IPv4, alipo pafupifupi mabiliyoni 4.3 okha padziko lonse, osakwanira foni iliyonse. Ndiye makampani a mafoni amatulutsira makasitomala ambirimbiri pa adiresi imodzi, njira imene amaitcha CGNAT. Zili ngati mudzi wonse kulandirira makalata pa bokosi limodzi la kupositi ofesi ya sukulu. Mmodzi mwa anthu amene mukugawana nawo akakhala ndi foni yodwala kapena pulogalamu yofunsa Google kambirimbiri pa mphindi, nonse mumaoneka okayikitsa. Yatsani Airplane mode, dikirani pang'ono, zimitsani. Nthawi zambiri mumagwera pa adiresi ina, ngakhale si nthawi zonse.

Koma ngati uthengawo ukukutsatirani paliponse, pa data, pa wayifayi ya kuntchito, kwa mnzanu, pamenepo yang'anani foniyo. Ma VPN ena aulere ndi timapulogalamu tolonjeza ndalama kapena intaneti yaulere timagulitsa njira yanu kwa anthu ena kuti azidutsiramo. Inu muli mtulo, alendo akutulukira pa adiresi yanu, bando n'kumatha osadziwa chaidya.

Chikondi M.: Kali m'foni kena kotere, anandiikira ku msika pamodzi ndi nyimbo. Ndikachotsa ndione.

Tadala wa ku Chirimba: Ine yanga imavuta pa Opera Mini basi, kabokosi sikaoneka n'komwe, pamangokhala poyera

aGama a ku Limbe: Ukaika kusunga data pa Extreme, tsamba limayamba ladutsa kumaseva awo, amalifinya, iwe umalandira lophikaphika. Kapicha imafuna kuyendera pafoni pako penipeni. Za mafomu uzitsegula mu Chrome. Chimodzimodzi linki imene wadina mkati mwa Facebook, uziitulutsa uitsegule mu bulawuza yeniyeni.

Bambo Mbewe: Poti tili pa nkhani yomweyi. Sabata yatha tsamba lina loonerapo mpira linandipatsa kabokosi kotereka, koma linati kuti nditsimikize ndidine batani la Windows ndi R, kenako Ctrl ndi V, kenako Enter. Ndinalephera chifukwa magalasi ndinaiwala kunyumba. Mwina mayiwa ayese njira imeneyo?

aGama a ku Limbe: AYI bambo! Aliyense pagulu pano amve bwino. Imeneyo si kapicha, ndi msampha. Mukadina kabokosi kabodzako, tsambalo limakopera mwakachetechete lamulo loipa. Windows ndi R imatsegula pamene kompyuta imalandirira malamulo, Ctrl ndi V imamata lamulolo, Enter imaliyendetsa. Mwadziikira nokha pulogalamu yoba mapasiwedi. Kapicha yeniyeni siikutulutsani m'bulawuza, siikuuzani kuti mumate chilichonse kwina. Magalasi amenewo anakupulumutsani.

Bambo Mbewe: Ha. Ndiye inunso mwamuuza mayiyu kuti alembe lamulo pa chinthu chakuda chija, kusiyana kwake n'chiyani?

Mjomba wa ku Joni: Funso labwino limenelo, ayankhe kkkk

aGama a ku Limbe: Mwandigwira bwino, ndipo muzifunsa choncho kumene. Langali mukuliona lonse ndi maso, ndi mzere umodzi, ndanena chimene likuchita, ndipo pagulu pano pali ena odziwa amene akanandidzudzula likanakhala loipa. La msampha lija simuliona, amakumatitsani chinthu chimene simunakopere nokha. Koma ngakhale langa, munthu amene sakundidziwa ali ndi ufulu kukana n'kungotsegula linkiyo m'bulawuza.

Nachisale: NDALOWA!! Pa hotisipoti adiresi inatuluka imodzi ka 6 konse. Ndafufuta makuki, ndadina kamodzi, kuchonga kobiriwira, tsamba latseguka. A Gama Mulungu akudalitseni, fanta yanu ili kwa ine.

Mjomba wa ku Joni: Nanga ine amene ndinayamba kutchula VPN?

Nachisale: Inu madzi achimwene.

Nachisale: Koma dikirani, musabalalike. Ndadzaza fomu yonse, masamba anayi, ndakweza masatifiketi. Kumapeto kuli kabokosi kena, aka ndi ka "I'm not a robot". Ndinakachonga, kenako ndinabwerera m'mwamba kuwerenganso kalata yanga ija ndisanatumize. Pobwera kudzadina Submit kalemba zofiira, "Verification expired. Check the checkbox again." Zayambiranso kodi?

aGama a ku Limbe: Ayi, ameneyo si matenda. Chiphaso cha reCAPTCHA chimakhala mphindi ziwiri zokha. Werengani kalata yanu mpaka mukhutire, kabokosiko mukachonge pomalizira penipeni, kenako Submit nthawi yomweyo. Ndipo musanadine, mawu aatali amene mwalemba m'fomumo muwakopere mu Word, tsamba likakana musalire kawiri. Foni isachoke pamene ilipo, ndipo ngati hotisipoti yanu imaduka wina akaimba, musayankhe mafoni mphindi zimenezi.

Nachisale: Kandipatsa zithunzi za masitepe kawiri, kenako njinga zamoto, kachitatu kalola. Yapita! Imelo yotsimikiza yafika. Manja akunjenjemera.

Tadala wa ku Chirimba: Mukapita kunjako musatiiwale achemwali

Mayi a Chisomo, Leeds: Zabwino zonse a Nachisale. Ine mwana wabwera, akuti `privacy.resistFingerprinting` anayatsadi. Wazimitsa, wazimitsanso zoonjezera zonse, tatseka n'kutsegula. Likuzungulirabe. Pa Edge pa kompyuta yomweyo likutseguka.

aGama a ku Limbe: Ndiye chilipo china chimene anagwira mu Firefox imeneyo. Anthu okonda zachinsinsi amakonda kukopera mndandanda wonse wa zosintha nthawi imodzi, zina mwa izo zimazimitsa WebGL kapena kufufuta makuki msangamsanga, ndipo mwina iye mwini sakukumbukira zonse. Alembe `about:profiles`, apange mbiri yatsopano yopanda kanthu, ayese mmenemo. Ikadutsa, azibwezera zosintha zakezo chimodzichimodzi mpaka apeze cholakwa. Firefox yakenso aone ngati si yakale. Ikakana ngakhale mu yatsopanoyo, jambulani Ray ID ndi nthawi yake mutumize kwa a IT a kuntchito kwanu, chifukwa eni tsamba akhoza kuifufuza kumbali yawo n'kuona lamulo limene likukubwezani. Ife kuno sitingalione.

Mayi a Chisomo, Leeds: Akuti chimodzichimodzi zimutengera usiku wonse, zosinthazo n'zambiri. Ndamuuza kuti anamanga yekha amasule yekha. Pakadali pano ndiziona pafoni.

Mjomba wa ku Joni: Mayi ingoikani VPN yolipira

Mayi a Chisomo, Leeds: Achimwene, kodi amakupatsani komishoni?

Nachisale: A Gama, mawu aja a rauta munati chiyani? Ndilembereni bwinobwino ndikamupatse mnyamata amene anaiika, akubwera Lolemba. Akauntanti wamva nkhaniyi, akuti amudikirira pageti.